Chilengezo cha m'bindikiro wa achinyamata: tsiku lomaliza ndi ndalama tiziike bwanji?

Mlembi_Domwe
Moni nonse apagulu. Bungwe la achinyamata landituma kulemba chilengezo cha m'bindikiro wathu, choti chiyambe kuwerengedwa m'tchalitchi Lamulungu likudzali, pa 20 Julaye. Ndalemba chonchi:

"Achinyamata nonse mukudziwitsidwa kuti kudzakhala m'bindikiro kuyambira pa 22 mpaka pa 24 Ogasiti. Aliyense asonkhe 250 kapena abweretse ufa. Lembetsani msanga kwa atsogoleri anu. Bwerani nonse."

Tikuyembekeza anthu 60. Tidzayamba Lachisanu madzulo n'kutseka Lamulungu titadya nkhomaliro, ndipo kogona ndi m'makalasi a sukulu yoyandikana ndi tchalitchi. Akuluakulu, ndiunikireni ngati chili bwino chisanapite kwa akatekisita.

Kachewere
"Msanga" ndi tsiku lanji pa kalendala, achimwene?

WakuMalire
Ndipo 250 yakeyo ndi ya chiyani? Kuno kufupi ndi Kalomwe, pamalire a Mozambique ndi Malawi, wina adzabwera ndi makwacha 250 n'kunena kuti wamaliza. Lembani kuti mametikali.

Gogo_Chuma
Mwana wanga Mlembi, usanakonze mawuwo tiyambe ndi nambalayo. 250 mwaipeza bwanji? Ngati mwangoitchula pamsonkhano chifukwa ikumveka yopepuka, imani kaye. Ndalama ya m'bindikiro imachokera kukhitchini. Muwerenge pakamwa podya, muwerenge zakudya zingati, mupite kumsika mukafunse mitengo, ndiye nambala ituluke yokha. Pakamwa si 60. Pali amayi ophika, alangizi ogona ndi ana, alaliki oitanidwa. Amenewo salipira koma amadya, ndipo sachepera 10. Ndiye muziwerengera 70.

Mlembi_Domwe
Zoona agogo, 250 tinangogwirizana. Chaka chatha inali 200, tinati tiwonjezereko pang'ono.

MayiWaKuKhitchini
Ndiye ndikupatseni za mphika. Kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamulungu masana nsima imaphikidwa kanayi: Lachisanu usiku, Loweruka masana, Loweruka usiku, Lamulungu masana. Phala kapena tiyi kawiri. Wachinyamata muzimuwerengera magalamu 250 a ufa pa nsima imodzi. Atsikana ena samaliza, koma anyamata a kumunda amawonjezera, ndiye zimalingana. Anthu 70 kanayi ndi makilo 70. Onjezani makilo 10 a phala, akwane 80.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwa. Amagula chimanga makilo 80 poganiza kuti atulutsa ufa makilo 80. Zimenezo ndi za mgaiwa. Ufa woyera umataya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu pokonola ndi poviika. Lata imodzi ya malita 20 imalemera makilo ngati 18, ndiye pa ufa woyera mufunika malata 7, pa mgaiwa malata 5 akukwana. Sankhani tsopano kuti mudzadya uti, chifukwa ufa woyera umafuna masiku: kukonola, kuviika masiku atatu, kutsuka, kuyanika mphale, kupita kuchigayo, kuyanikanso ufawo. Sabata yathunthu imathera pomwepo, ndipo kukachita mitambo imapitirira.

Ndiwo: nyemba kawiri, makilo 10 zikwana ndi kutsalako. Kapenta kamodzi, makilo atatu. Nyama kamodzi, Lamulungu. Mafuta malita 5, shuga makilo 5, mchere makilo awiri, kabichi, tomato ndi anyezi za masiku onse.

Mnyamata_wa_Kwaya
Mgaiwa pa retiru ayi amayi, chonde. Anthu adzathawa Loweruka.

MayiWaKuKhitchini
Ndiye lipirani malata awiri owonjezerawo, mwana wanga. Ine ndimaphika zomwe zabwera.

Gogo_Chuma
Tiyeni tiike mitengo yoyerekeza pa zomwe amayi atchulazo. Mlembi, iwe ukasinthe malinga ndi zomwe ukapeze pamsika wa kwanu, chifukwa mtengo wa ku Ulongwe si wa ku Domwe.

Chimanga malata 7 pa 300 ndi 2,100, chigayo 300. Nyemba 800. Kapenta 1,200. Mafuta 750, shuga 450. Masamba, tomato, anyezi ndi mchere 900. Zonsezi pamodzi ndi 6,500. Zimenezi zimatsika anthu akachepa, zimakwera anthu akachuluka. Pakamwa pamodzi ndi mametikali ngati 93.

Kenaka pali zina zomwe sizisuntha kaya mwabwera 30 kaya 60. Mbuzi 3,500. Ngolo ya nkhuni 800. Magetsi a Credelec 300. Sopo ndi zotsukira 300. Kabokosi ka mankhwala 400. Ulendo ndi kathokozo ka alaliki awiri 1,500. Izi ndi 6,800.

Zonse ndi 13,300. Pamwamba pake muike gawo limodzi mwa khumi la zogwa mwadzidzidzi, monga mpini wothyoka, mwana wofunika kupita naye kuchipatala pa njinga yamoto usiku, shuga wotha msanga. Tinene 14,600.

Kalikulado
Ndiye Mlembi sanalakwe. 14,600 kugawa kwa 60 ndi 243. Pa 250 ndalama ikukwana, n'kutsalako 400.

Gogo_Chuma
Masamu anu ndi oona, achimwene, koma mwagawira anthu omwe sanalipire. 60 ndi mayina oyembekezeredwa. Mwa iwo muli amasiye omwe mpingo udzawanyamule, muli odzadwala, muli omwe makolo adzawatume kudimba kukathirira mbatatesi. Yesani kuona ngati alipira 40 okha. Pakamwa pakhala 50, chakudya chikhala 4,650, zosasuntha zija zikadali 6,800, pamodzi 11,450. Pa 250 mwatolera 10,000. Mwaperewera 1,450, ndipo simunaike kalikonse ka mwadzidzidzi. Pa 300 mwatolera 12,000, mwapulumuka. Akalipira 50 pa 300 muli ndi 15,000, zomwe zikwanira ngakhale abwere onse 60.

Choncho gawani ndi nambala ya omwe mukutsimikiza kuti atulutsa ndalama, osati ya omwe anakweza manja pamsonkhano. Ine ndikuti 300, ndipo bungwe lidziwe mumtima kuti olipira akapanda kufika 40 pa tsiku lomaliza, mbuzi ichoke, mulowe nkhuku zochepa kapena kapenta kawiri.

Kalikulado
Ndamva. Komabe 300 ithamangitsa ena omwe 250 akanakwanitsa. Mukakweza mtengo olipira amachepa, ndiye mwabwerera pomwe paja.

Gogo_Chuma
Zimenezo zilipo ndithu. N'chifukwa chake ndalamayo imadulidwa pawiri, ndifotokoza m'munsimu. Choipa kwambiri ndi kulengeza 250, kenaka pa 17 Ogasiti n'kuima kutsogolo kunena kuti wonjezerani 50. Makolo amayamba kufunsa kuti yoyamba ija yapita kuti.

WakuZobwe
Pepani ndalowa mochedwa. Retiru imeneyi ndi ya aliyense? Kuchokera ku Zobwe shapa ikhala zingati, ndipo ndalama nditumize kwa ndani?

Kachewere
Akulu, sikuti tikukuitanani. Tikuthandiza kulemba chilengezo.

Mphunzitsi_Furankungo
Komatu funso la a ku Zobwe lathandiza. Munthu wawerenga chilengezocho ndipo sanadziwe kuti ndi cha ayani, chidzachitikira kuti, ndalama apereke kwa ndani, ndiponso ngati ulendo uli momwemo. Zonsezo mulibe. "Achinyamata nonse" m'mipingo yathu zimatanthauza kuyambira kamwana ka zaka 10 mpaka bambo wa ana atatu yemwe akadali mukwaya. Ikani zaka. Ndiponso nenani poyera kuti 300 ndi ya chakudya ndi malo, ulendo aliyense adzilipirire. Mukapanda kutero, a kunthambi zakutali adzafika atachotsa ya shapa pa 300 yomweyo.

MkuluWaMpingo
Ine ndilankhulepo za tsiku lomaliza. Tsiku limeneli silisankhidwa poyang'ana kutsogolo, limawerengedwa chobwerera kuchokera pa tsiku loyatsa moto. Moto uyaka Lachisanu pa 22. Amayi anena kuti ufa umafuna sabata, ndipo simufuna ufa wofika tsiku lomwelo, ndiye chimanga chikhale chitagulidwa pofika Lachiwiri pa 12. Kuti chigulidwe pa 12, msungichuma akhale atadziwa nambala ya anthu komanso ndalama ili m'manja Lolemba pa 11. Ndiye tsiku lotseka ndi Lamulungu pa 10 Ogasiti, mapemphero akatha.

Likhale Lamulungu ndithu. Mukaika Lachitatu kapena Lachisanu, anthu a m'midzi alibe chowabweretsa kutchalitchi tsiku limenelo, ndipo onse adzabwera Lamulungu lotsatira akunena kuti sanapeze wolandira. Muikenso ola. "Pa 10 Ogasiti" yokha, wina adzagogoda kunyumba kwa msungichuma usiku anthu atagona.

Kuyambira pa 20 Julaye ndiye kuti chilengezo chiwerengedwa Malamulungu anayi: pa 20, pa 27, pa 3 ndi pa 10. Malipiro a kutha kwa mwezi akugwera pakati pake, zomwe zithandiza ana a aphunzitsi ndi ena apantchito.

Mnyamata_wa_Kwaya
Masiku 12 m'bindikiro usanachitike ndi kutali kwambiri, abambo. Achinyamata amapeza ndalama kumapeto. Ambiri amagwira ganyu sabata yomweyo. Mukatseka pa 10 mutsala ndi anthu 20. Bwanji pa 10 titseke mayina okha, ndalama adzabwere nayo pofika?

Gogo_Chuma
Ayi mwana wanga. Dzina lopanda ndalama silinalembetse. Kulemba dzina n'kwaulere, ndiye aliyense amalemba, ndi la msuweni wake lomwe. Mukagula chakudya cha mayina 75 pangongole, pakhomo n'kufika 45, ngongoleyo imatsalira bungwe. Mukachita mantha n'kugula cha 45, n'kufika 75, nsima imatha Loweruka usiku.

Koma zomwe wanena za ganyu ndi zoona, ndiye dulani pawiri. Pofika pa 10 aliyense apereke gawo loyamba, sinali ya 150, ndipo amene wapereka sinaliyo ndiye walembetsa. Yotsala 150 pofika pa 17. Taonani mmene zikugwirizanirana ndi zogula. Anthu 50 pa 150 ndi 7,500. Zouma zofunika msanga, ndiye kuti chimanga, chigayo, nyemba, kapenta, mafuta, shuga ndi nkhuni, zikukwana 6,400. Sinali ikuzigula zonse. Gawo lachiwiri la pa 17 ligula mbuzi, masamba, magetsi ndi kulipira alaliki, zomwe sizifunika mpaka masiku omaliza. Munthu yemwe watulutsa 150 sathawanso wamba, amayesetsa kupeza yotsalayo.

Mnyamata_wa_Kwaya
Nanga wofika pa 22 ndi 300 yake yathunthu m'manja, osalembetsa? Mum'bweza pakhomo la tchalitchi?

MkuluWaMpingo
Limenelo ndi funso lovuta, ndipo mipingo imasiyana. Ine ndimati asagone ndipo asawerengeredwe mbale, koma aloledwe kumva maphunziro a Loweruka masana. Mukamulandira mokwanira, chaka chamawa palibe adzalabadire tsiku lomaliza, chifukwa onse aona kuti silikuluma.

MayiWaChifundo
Ine apo sindikuvomera, abambo. Mwana wayenda wapansi kuchokera kutali, dzuwa lalowa, mum'bweze? Kukamuchitikira kanthu panjira mudzayankha chiyani kwa makolo? Kuli bwino kusiya malo asanu obisika, osawalengeza. Gawo la mwadzidzidzi lija likhoza kuwanyamula.

MkuluWaMpingo
Malo obisika sabisika kawiri, amayi. Chaka chino asanu, chaka chamawa makumi awiri.

MayiWaChifundo
Ndiye wochedwa alipire 350, aone kuwawa kwake. Koma kum'bweza usiku ayi.

Kalikulado
350 imeneyo ilembedwe m'chilengezo kapena ayi? Ikalembedwa ndiye kuti mwalengeza kuti pa 10 si pomaliza.

Kachewere
Apa sitigwirizana lero. Mlembi akafunse bungwe lake.

Mlimi_Tsangano
Ine ndibwerere ku mawu oti "kapena abweretse ufa". Kwathu kuno ndalama imavuta koma chimanga, nyemba ndi mbatatesi zili m'nyumba. Musachotse mwayi umenewo. Mwana wa mlimi azibwera ndi zakumunda.

MayiWaKuKhitchini
Mwayiwo ukhale, koma osati mmene walembedweramu. "Abweretse ufa" wochuluka bwanji? Wina adzabwera ndi kambale kamodzi mujumbo, wina mgaiwa, wina woyera, wina wofumbwa. Ufa wosakaniza chonchi nsima yake sigwirana bwino mumphika waukulu. Ndipo onse akabweretsa ufa, kapenta ndi mafuta tigula ndi chiyani?

Gogo_Chuma
Onani nambala zija. Chimanga ndi chigayo ndi 2,400 pa pakamwa 70, ndiye kuti ufa womwe munthu mmodzi adye masiku onsewo ndi wa mametikali 35 okha. Wobweretsa ufa wakewake wapereka 35 pomwe mnzake wapereka 300. Si chilungamo, ndipo bajeti imagwa.

Njira yake ndi kuika muyeso wofanana ndi ndalamayo. Lata yathunthu ya chimanga chabwino ilowe m'malo mwa 300. Koma malata ofunika ndi 7 okha, ndiye malo a chimanga ndi 7, oyamba kubweretsa. Nyemba zikufunika makilo 10, pa mtengo tayerekezawu makilo anayi akudutsa pang'ono 300, ndiye malo a nyemba ndi awiri kapena atatu. Ngolo ya nkhuni ikhoza kulipirira anthu awiri apachibale n'kutsalako. Kupitirira apo bungwe lisanduka ogulitsa chimanga. Ndipo zonsezi zifike pa 10, osati pa 22, chifukwa chimanga chofika tsiku loyamba m'bindikiro sichidyeka.

Mlimi_Tsangano
Nanga mbatatesi? Thumba limodzi likhoza kulowa m'malo mwa phala la Loweruka, ndi tiyi.

MayiWaKuKhitchini
Ikhoza, yophika ndi mchere. Koma kusenda mbatatesi ya anthu 70 kumafuna manja asanu ndi kudzuka 4 koloko. Ngati atsikana ndi anyamata adzasende okha usiku wake, bweretsani. Yokazinga musayerekeze, malita 5 aja atha tsiku limodzi.

WakuMalire
Za makwacha simunayankhe. Midzi ina ya m'malire imagulitsa zokolola ku Dedza kapena ku Lizulu, ndalama ili m'thumba ndi kwacha. Tiwakane?

Gogo_Chuma
Msungichuma asakhale wosintha ndalama. Mtengo wosinthira pamalire umayenda, akalandira makwacha pa 27 Julaye n'kukasintha pa 11 Ogasiti, kusiyanako adzakufotokoza bwanji m'buku? Aliyense asinthe yekha, abweretse mametikali.

WakuMalire
Kusintha 150 yokha osinthawo amakudula kwambiri. Bola nthambi yonse isonkhe makwacha, mtsogoleri akasinthe pamodzi.

Gogo_Chuma
Zimenezo n'zabwino, bola kulikulu kufike mametikali ndi lisita yake.

Mphunzitsi_Furankungo
Powerenga m'tchalitchi wowerengayo anene "mametikali 300" monga zalembedwera. Akuluakulu ambiri akadali kunena "makontu" kuchokera nthawi ija ndalama isanasinthe mu 2006, pomwe 1,000 yakale inasanduka metikali imodzi. Iwo akamati makontu 300 akunena 300 yomweyi, koma mwana yemwe sanaione ndalama yakale akhoza kukanena zina kunyumba.

Ajenti_wa_Pamsika
Pa zotumiza pafoni ndithandizepo. Mukalola M-Pesa kapena e-Mola, vuto loyamba ndi dzina. Uthenga womwe msungichuma amalandira umaonetsa dzina la mwini nambala, ndipo achinyamata ambiri amatumiza pafoni ya amalume, ya mnansi, kapena amapatsa ajenti kuti awaikire. Msungichuma amangoona 150 zisanu ndi zitatu zochokera kwa anthu osawadziwa. Lamulo likhale loti wotumiza atumizenso uthenga wotsimikiza uja, ndi dzina la wachinyamata ndi nthambi yake, tsiku lomwelo. Popanda zimenezo sanalembetse.

Chachiwiri, potapa ndalama pamadulidwa kena kake. Mukapanda kuwerengera, buku lidzanena 7,500 koma m'manja muli yochepera. Msungichuma asatape 150 iliyonse payokha, adikire itunjikane atape kamodzi pa 11, ndipo alembe chodulidwacho ngati chogula china chilichonse.

Chachitatu, nambala ikhale imodzi pa M-Pesa ndi imodzi pa e-Mola, zonse za munthu mmodzi, ndipo chilengezo chinene dzina lomwe lidzaoneke pafoni potumiza. Chilengezo chikayenda pa WhatsApp, n'kosavuta kuti wina asinthe nambala n'kuchitumiza patsogolo. Pakhale chiganizo choti nambala yoona ndi yomwe yamatidwa pachitseko cha tchalitchi.

Kachewere
Ndipo "kwa atsogoleri anu" ichoke. Atsogoleri ndi angati? Wapampando, wachiwiri wake, wakwaya, onse adzalandira, wina adzabwereka kaye kuti abweza Lamulungu.

MkuluWaMpingo
Eya. Nthambi iliyonse wolandira mmodzi, ndi kope limodzi. Mzere uliwonse: dzina, zaka, mudzi, ndalama, tsiku, ndi siginecha ya woperekayo. Woperekayo apatsidwe kapepala, ngakhale kong'amba m'kope, kokhala ndi nambala ya mzere wake. Pa 11 olandira onse akumane ndi msungichuma pamaso pa mkulu mmodzi, awerenge ndalama ndi mayina limodzi. Zikasiyana zidziwike tsiku lomwelo, osati m'bindikiro utatha.

MayiWaChifundo
Musaiwale makolo. Chilengezochi mukuchilembera achinyamata, koma wotulutsa ndalama ndi wololeza mtsikana kukagona kunja masiku awiri ndi kholo. Kholo likufuna kumva kuti atsikana agona kalasi yawo ndi amayi alangizi, anyamata kalasi yawo ndi abambo, ndiponso kuti Lamulungu atuluka nthawi yanji kuti afike kwawo kusanade. Osakwana zaka 18 abwere ndi kapepala kosainidwa ndi kholo kapena womulera, kokhala ndi nambala yoimbira komanso matenda omwe mwana ali nawo, monga mphumu kapena khunyu. Kapepalako kabwere limodzi ndi sinali. Mukati kadzabwere pa 22, theka adzaiwala.

Mlimi_Tsangano
Bulangete mulembe. Ogasiti usiku kumtunda kuno kumazizirabe, ndipo pansi pa kalasi ndi simenti. Mphasa yokha sikwanira.

Mnyamata_wa_Kwaya
Nanga mafoni aloledwa? Ndi zokuzira mawu tibwereka kuti? Mu bajeti mulibe.

Kachewere
Anthu 60 m'kalasi akufuna zokuzira mawu zachiyani?

Mnyamata_wa_Kwaya
Za usiku wa nyimbo Loweruka.

Gogo_Chuma
Ngati mukuzifuna, kwaya isonkhe payokha. Zisalowe mu 300.

Mphunzitsi_Furankungo
Mlembi, masikuwo mwatsimikiza ndi akuluakulu a sukuluyo? Muone kalendala ya sukulu ya chaka chino, kuti Lachisanu pa 22 makalasi adzakhala opanda ana kuyambira nthawi yanji, ndiponso ngati a sekondale sadzakhala pa mayeso. Chilolezo cha makalasi chikhale cholembedwa chilengezo chisanawerengedwe. Kusintha tsiku mutalengeza kale kumasokoneza kuposa kuchedwa kulengeza ndi sabata imodzi. Amfumu a mudziwo kapena mlembi wa bairo adziwitsidwenso kuti kugona anthu ochuluka. Ndipo nthambi zomwe zili kutali zisadalire WhatsApp, kalata ipite m'manja mwa akatekisita awo sabata ino.

Mlembi_Domwe
Zikomo nonse. Za sukulu wapampando anatenga kale kalata yovomera. Ndalembanso chonchi:

"Achinyamata a zaka 14 mpaka 30 a nthambi zonse za mpingo wathu mukuitanidwa ku m'bindikiro womwe udzachitikire pa tchalitchi chathu chachikulu. Kufika ndi Lachisanu pa 22 Ogasiti, 3 koloko masana. Kutuluka ndi Lamulungu pa 24 Ogasiti, 2 koloko masana.

Chopereka ndi mametikali 300 munthu mmodzi, cha chakudya ndi malo. Ulendo aliyense adzilipirire. Gawo loyamba, mametikali 150, liperekedwe pofika Lamulungu pa 10 Ogasiti, 12 koloko masana. Amene wapereka gawo limeneli ndiye walembetsa. Gawo lotsala liperekedwe pofika Lamulungu pa 17 Ogasiti. Ofuna kupereka chimanga, nyemba kapena nkhuni m'malo mwa ndalama aonane ndi msungichuma pasanafike pa 10, malo ake ndi owerengeka.

Ndalama iperekedwe kwa wolandira mmodzi wa nthambi yanu, ndipo mulandire kapepala. Nambala za M-Pesa ndi e-Mola zamatidwa pachitseko. Osakwana zaka 18 abwere ndi chilolezo cha makolo polembetsa. Atsikana ndi anyamata adzagona malo osiyana, ndi alangizi awo. Tengani mphasa, bulangete, mbale, kapu, Baibulo, kope ndi cholembera.

Tibwereze: mametikali 150 pofika pa 10 Ogasiti, mametikali 150 pofika pa 17 Ogasiti."

MkuluWaMpingo
Tsopano chikumveka. Chatalika pang'ono powerenga, ndiye Lamulungu loyamba chiwerengedwe chonse, enawo azingowerenga masiku, ndalama ndi wolandira. Pa 3 Ogasiti wowerenga anene kuti kwatsala sabata imodzi ndipo alembetsa ndi angati. Nambala imeneyo imadzutsa ogona.

Kalikulado
12 koloko pa 10 sizitheka ku nthambi zomwe mapemphero amayamba mochedwa. Ikani kuti "mapemphero akatha" kapena 2 koloko.

Ajenti_wa_Pamsika
Mwasiya zotumiza uthenga wotsimikiza ndi dzina. Chiganizo chimodzi chokha, chiikeni pambuyo pa nambala zija.

WakuZobwe
Nanga munthu akapereka 150 kenaka n'kudwala kapena kugwa maliro, abwezeredwa?

Gogo_Chuma
Funso labwino, ndipo liyankhidwe m'chilengezo momwemo. Pofika pa 12 sinali yasanduka chimanga ndi kapenta, ndiye sibwezedwa. Gawo lachiwiri likhoza kubwezedwa ngati wanena pofika Lachitatu pa 20, mbuzi isanagulidwe. Wolephera akhoza kupereka malo ake kwa m'bale wake, bola wolandira asinthe dzina m'kope ndipo ngati ndi mwana abweretse chilolezo chake.

MayiWaChifundo
Wa maliro ine ndikanam'bwezera yonse. 150 imodzi kapena ziwiri sizigwetsa m'bindikiro.

Gogo_Chuma
Bungwe likhoza kutero mwakachetechete kuchokera ku gawo la mwadzidzidzi. Koma musalembe, chifukwa maliro m'midzi mwathu sasowa sabata iliyonse.

Mlembi_Domwe
Ndasintha ola kukhala 2 koloko, ndaika za uthenga wotsimikiza ndi zoti sinali sibwezedwa. Za ochedwa ndikazitula kubungwe Loweruka, ndikanene maganizo onse awiri. Amayi a kukhitchini, miphika ya nsima ya anthu 70 tibwereke ingati?

MayiWaKuKhitchini
Iwiri ikuluikulu ya nsima, umodzi wa nyemba, umodzi wa masamba, ndi mgolo wa madzi otentha. Mithiko yaitali iwiri, ndipo mundipezere anyamata awiri amphamvu ovundula. Amenewo asakhale a mukwaya, amasowa nthawi yophika.